Momwe mungalembere mawu a "Za ife" a shopu ya utelala ya pabanja

Munthu amene akufunafuna telala watsopano amakhala ndi nkhawa imodzi yaikulu: kusiya nsalu yake kwa munthu amene azimuuza kuti "mubwere mawa" mpaka ukwati kudutsa. Akatsegula tsamba la shopu yanu pa Facebook kapena pa WhatsApp Business, amafuna adziwe ngati mumasoka chimene akufunacho, amene adzadule nsalu yake, tsiku lodzatenga, ndi kumene muli. Koma zimene amapeza kawirikawiri ndi izi: "Timasoka zovala zamtundu uliwonse, zapamwamba, pamtengo wotsika. Tiyeseni, simudzakhumudwa." Mawu amenewa telala aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa angawalembe, ndiye sathandiza wowerenga kusankha inuyo.

Kuti tione bwino, tiyerekeze shopu ya banja lina ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. Muli bambo amene anayamba ntchitoyi, mwana wawo wamkazi, ndi mlamu wawo. Ali ndi makina awiri opalasa, amodzi amagetsi, ndi ovaloko. Mayina awo tingowatchula kuti a Uje. Inu muikepo anu.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Kope limene mumalembamo miyezo ndi maoda, la miyezi 6 yapitayi kapena chaka chathunthu
- Pepala ndi cholembera (musayambe kulemba pafoni, mudzakopera mukamaliza)
- Foni yokhala ndi kamera, ndi zovala zitatu kapena zinayi zimene mwasoka nokha
- Nambala imodzi ya foni imene imayankhidwa tsiku lonse
- Onse a m'banja amene amagwira ntchito mushopumo, kwa ola limodzi
- Munthu mmodzi amene sanafikepo pashopu panu, woti adzawerenge pomaliza

## 1. Yambani ndi kope la maoda, osati ndi maganizo anu

Tsegulani kope lija, muwerenge oda iliyonse ndi kuika kamzere pansi pa mtundu wake: yunifolomu, zovala za chitenje, zaukwati, masuti, kukonza. Mitundu itatu imene yachuluka ndiyo ilowe m'mawu anu. Pamenepa mabanja ambiri amadabwa. Bambo amadziona ngati telala wa masuti chifukwa ndiyo ntchito imene amainyadira, koma kope likuonetsa kuti chaka chonse anasoka masuti owerengeka, pamene ndalama ya lendi inachokera ku yunifolomu za ana asukulu, mabulauzi a amayi a Mvano, ndi kuchepetsa mathalauza a pakaunjika.

Chenjezo: musataye ntchito yokonza poganiza kuti ndi yochititsa manyazi. Amene wabwera kudzasinthitsa zipi lero ndi yemweyo adzabwere ndi nsalu ya chinkhoswe akaona kuti msoko wanu ndi wowongoka.

## 2. Chiganizo choyamba chinene zinthu zitatu

Anthu ambiri amawerenga mzere woyamba wokha, makamaka pafoni pamene mawu enawo amabisika mpaka munthu atadina. Mzere umenewu unene kuti ndinu ndani, mumasoka chiyani, ndipo muli kuti. Banja lathu lija lingalembe chonchi:

"Ndife banja la atelala ku Ndirande, Blantyre. Timasoka yunifolomu za sukulu ndi za mpingo, zovala za chitenje za amayi, ndiponso timakonza zovala zogula kale."

Onani kuti mulibe moni wautali, mulibe vesi, mulibe "takulandirani ndi manja awiri". Moni mudzapereka munthuyo akaimba foni.

## 3. Nenani amene amachita chiyani

Apa ndi pamene shopu ya pabanja imaposa shopu zina, ndipo ndi pamene ambiri amalemba mosokoneza. Akamva kuti atchule za banja, amayamba mbiri: kumene agogo anabadwira, mavuto amene anakumana nawo, momwe Mulungu anawaonera. Nkhani zimenezi ndi zoona ndipo ndi zanu, koma wowerenga ali ndi chitenje m'chikwama ndipo funso lake ndi lina: akafika apeza ndani, ndipo ndani adzagwire sizasi?

Choncho munthu aliyense mumupatse chiganizo chimodzi chonena ntchito yake. Bambo amadula ndi kusoka zovala za abambo. Mwana wawo wamkazi ndiye amayeza amayi ndi atsikana, ndipo amasoka madiresi, masiketi ndi mabulauzi. Mlamu amapanga ovaloko, kuboola mabatani, kusita, ndi kuyankha foni. Chiganizo chonena kuti amayi amayezedwa ndi mayi mnzawo chimaoneka chaching'ono, koma pali azimayi ambiri amene safuna kuti tepi ya pachifuwa ndi m'chiuno aizungulitse ndi bambo wachilendo, ndipo sangafunse zimenezi pafoni. Ngati mushopu muli katani yobisalira poyesa chovala, nenaninso.

Mbiri isapyole ziganizo ziwiri, ndipo ikhale ndi chinthu chogwirika: chaka, malo, makina. "Bambo athu anayamba kusoka pakhonde la golosale mu 1998 ndi makina amodzi a Singer, ndipo makinawo akugwirabe ntchito" ndi mawu amene munthu angawakhulupirire. "Takhala tikusoka kwa zaka zambirimbiri" sakunena kanthu. Lembani chaka chimene munayamba m'malo mwa kuchuluka kwa zaka, chifukwa "zaka 27" chaka chamawa likhala bodza, pamene 1998 sidzasintha. Ngati wina anaphunzira kusoka kusukulu yantchito zamanja ndipo ali ndi satifiketi ya TEVETA, tchulani. Ngati onse anaphunzira pamakina a bambo, nenani zomwezo, palibe chobisa.

Chenjezo: mufunse aliyense ngati akufuna dzina ndi nkhope yake zioneke. Mugwirizanenso dzina limene makasitomala amawadziwa nalo. Ngati dera lonse limawatchula bambo ndi dzina la mwana wawo woyamba kapena la mfunda, lembani limenelo, chifukwa ndi limene munthu wosochera adzafunse kwa ogulitsa tomato. Mayina a ana aang'ono ndi sukulu zimene amaphunzira asalowemo.

Pali funso lina limene mabanja amalizemba: kodi amene wapuma pantchito atchulidwe bwanji? Ngati maso a bambo anatopa ndipo tsopano amangokhala pampando kucheza ndi makasitomala, musalembe ngati akusokabe. Wina adzabwera chifukwa cha dzina lawo, adzapeza kuti jekete lake wadula ndi mwana, ndipo ngakhale litatuluka bwino adzamva ngati mwamupusitsa. Lembani kuti bambo anayambitsa shopu, ndipo tsopano amadula ndi mwana wawo amene anamuphunzitsa okha.

## 4. Lembani zimene simusoka

Chiganizo chimodzi chokha. "Sitisoka madiresi oyera a mkwatibwi, makatani, kapena zovala zachikopa." Telala amaopa kuti akalemba zimenezi athamangitsa ndalama, koma ndalama imeneyo sinali yake ndi kale. Chimene amapindula n'chakuti wowerenga akaona munthu wovomera kuti zina sazitha, amakhulupirira zimene wanena kuti amazitha. Mafoni ofunsa zinthu zomwe mulibe makina ake amachepanso.

## 5. Nthawi ndi ndalama

Gawo ili ndilo limayankha nkhawa ija ya "mubwere mawa", ndiye lipatseni nthawi yokwanira.

Bwererani ku kope lija. Pa maoda khumi omaliza a diresi la chitenje, onani tsiku limene nsalu inabwera ndi tsiku limene chovala chinathadi, osati limene munalonjeza. Ngati ambiri anatenga masiku 5 koma ena 7, lembani 7. Munthu amene mwamuuza masiku 7 n'kumuimbira pa tsiku lachisanu amakauza anzake. Amene mwamuuza masiku 3 n'kutenga pa tsiku lachisanu amakauzanso anzake, koma nkhani yake ndi ina. Lembani nthawi ya ntchito iliyonse payokha: kupinda miyendo ya thalauza kapena kusintha zipi, tsiku lomwelo; diresi, masiku 7; zovala za operekeza ukwati, masabata 4 kuchokera tsiku limene womaliza wayezedwa. Mawu oti "womaliza" ndi ofunika, chifukwa pa operekeza sikulephera kukhala mmodzi amene amabwera kudzayezetsa kutatsala masiku awiri.

Tchulani nyengo imene ntchito imakupanikizani. Masabata oyandikira kutsegulira kwa sukulu, masiku oyandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndi mwezi wa Disembala, pafupifupi telala aliyense amagona mochedwa. Nenani kuti nthawi zimenezi munthu abwere msanga. Ndipo ngati muli ndi makina opalasa, chimenecho ndi chinthu choti mulembe: magetsi akazima ntchito siima. Koma samalani, ovaloko yambiri imayendera magetsi, ndiye ngati yanu ili choncho musalonjeze kuti zonse zimatha magetsi kulibe.

Za mitengo, maganizo anga ndi akuti musaike mndandanda wake m'mawu a "Za ife". Mawu amenewa amakhala miyezi yambiri osasinthidwa, pamene mtengo wa ulusi, zipi ndi layiningi sukhazikika. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo uliwonse wolembedwa kale unasanduka poyambira mkangano. Chimene mulembe ndi momwe mtengo umapezekera: umadalira sitayilo, layiningi, ndi ngati nsalu ndi yanu kapena ya kasitomala, ndipo mumaunena musanadule. Ngati mukufunadi kuika mtengo, uikeni pamalo ena osavuta kusintha, ndi mwezi ndi chaka chake pambali.

Zimene sizisinthasintha zilembeni momveka: ndalama yoyambira (mwachitsanzo theka), njira zolipirira (ndalama pamanja, Airtel Money, Mpamba), ndi chimene mumachita chovala chikapanda kukwana. Ngati mumakonza kwaulere, nenani masiku ake. Ngati simubweza ndalama nsalu ikadulidwa, lembaninso, mwaulemu koma mosabisa. Zimenezi mugwirizane kaye nonse mushopumo. Palibe chimene chimaipitsa shopu ya pabanja ngati bambo kuvomera ngongole, mwana n'kukana, mlamu n'kutchula mtengo wina.

Mawu amodzi onena kuchuluka kwa nsalu amapulumutsa ulendo. Chitenje wamba chimagulidwa mamita 2, ndipo ambiri amabwera ndi chimodzi akufuna diresi lalitali lotambalala pamodzi ndi duku. Muwauze kuti atumize chithunzi cha sitayilo asanagule nsalu.

## 6. Njira yofikira pashopu

M'madera ngati Ndirande, nambala ya poloti sithandiza munthu. Lembani njira monga mmene mumauzira m'bale wochokera kumudzi: siteji yotsikira, mbali yolowera, ndi chizindikiro chimene sichisuntha. Chigayo, tchalitchi, mjigo, sukulu, zimenezi zimakhalitsa. "Pamene pamakhala mayi wogulitsa mandasi" si chizindikiro, chifukwa Lamlungu mayiyo kulibe. Muyende njirayo nokha kuchokera pasiteji, muone ngati "kumanja" kwanu ndi kumanja kwa munthu amene akubwera, osati kwa amene waima pakhomo la shopu. Ngati mungathe, imani pakhomopo, muike chizindikiro pa Google Maps.

Ikani nambala imodzi, ndipo munene amene amayankha. Manambala atatu amachititsa kuti uthenga wa kasitomala ukhale mufoni ya mwana, nsalu ili kwa bambo, ndalama ili kwa mlamu. Lembani masiku ndi maola, ndi tsiku limene mumatseka. Ngati banja lanu limapemphera Loweruka, nenani, popeza limeneli ndi tsiku limene ogwira ntchito m'tauni amapeza mpata wopita kwa telala.

Ngati mumasokera anthu okhala kutali, monga a ku Joni kapena ku Mangalande, onjezani mzere umodzi wonena momwe amatumizira miyezo, ndi kuti anene ngati ayeza mu mainchesi kapena masentimita. Nambala muiyambe ndi +265. Ngati simunayambe ntchito yotereyi, musailembe.

## 7. Phatikizani zonse

Banja la ku Ndirande lija likamaliza, mawu ake angakhale otere:

"Ndife banja la atelala ku Ndirande, Blantyre. Timasoka yunifolomu za sukulu ndi za mpingo, zovala za chitenje za amayi, ndiponso timakonza zovala zogula kale.

Bambo athu, a Uje, anayamba kusoka pakhonde la golosale mu 1998, ndipo mpaka pano ndiwo amadula ndi kusoka zovala za abambo. Amayi ndi atsikana amayezedwa ndi mwana wawo wamkazi, amene amasokanso madiresi, masiketi ndi mabulauzi. Malo oyesera chovala ali ndi katani. Ovaloko, mabatani ndi kusita amachita ndi alamu athu, omwenso amayankha foni.

Kusintha zipi ndi kupinda miyendo ya thalauza timamaliza tsiku lomwelo. Diresi la chitenje limatenga masiku 7. Zovala za operekeza ukwati zimatenga masabata 4 kuchokera tsiku limene womaliza wayezedwa. Sukulu zikayandikira kutsegulira komanso mu Disembala, bwerani msanga. Sitisoka madiresi oyera a mkwatibwi, makatani, kapena zachikopa.

Mtengo timakuuzani tisanadule nsalu. Mumalipira theka poyamba, lotsala potenga, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Chovala chikapanda kukwana, bwerani nacho pasanathe masiku 7, tikonza kwaulere. Musanagule nsalu, titumizireni chithunzi cha sitayilo kuti tikuuzeni mamita ake.

Tsikani pa Chinseu, mulowe njira yakumanja yopita kuchigayo. Tili nyumba yachitatu, chitseko chobiriwira. Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 m'mawa mpaka 5:00 madzulo."

Pansi pake pabwere nambala ya foni. Mawu onsewa sakufika 200, ndipo ndi okwanira. Mulibe mawu oti "apamwamba" kapena "akatswiri", koma amene wawerenga akudziwa chimene akapeze.

Za chiyankhulo: lembani m'chimene makasitomala anu amayankhula akafika pakhomo. Ngati mukufunanso anthu a m'maofesi kapena akunja, lembani Chingelezi chake padera pansi, m'malo mosakaniza m'chiganizo chimodzi.

## 8. Zithunzi ndi kufupikitsa

Zithunzi zitatu zikukwana: nonse muli pamakina, chovala chathunthu, ndi msoko wojambulidwa pafupi. Pa chachitatuchi tembenuzani chovala, muonetse mkati: ovaloko yosalala, zipi yogona bwino, maluwa a chitenje okumana pamsoko wakumsana. Odziwa zovala amayang'ana pamenepo. Jambulani panja pamthunzi m'mawa, mutasita chovalacho ndi kusesa tizidutswa ta nsalu pansi.

Malo ena salola mawu ataliatali. Pa Instagram malo a Bio amalola zilembo 150, pamene pa Google Business Profile mafotokozedwe a bizinesi amafika zilembo 750. Musadule mawu aataliwo pakati. Lembani aafupi akeake kuchokera ku chiganizo choyamba chija: "Atelala a pabanja ku Ndirande. Yunifolomu, zovala za chitenje, kukonza zovala. Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 mpaka 5:00." Amenewa akukwana mu 150.

## 9. Yesani pa munthu wachilendo

Mupatseni munthu uja amene sanafikepo pashopu awerenge pafoni kamodzi kokha, kenako mumufunse: timasoka chiyani? diresi limatenga masiku angati? ukatsika pati? Pamene wakayikira ndi pamene mukonze. Kenako werengani mokweza pamaso pa banja lonse. Wina akaseka n'kunena kuti "amenewo ndiye ayi, ife sitimatsegula 7:30", mwapeza bodza lisanafike kwa kasitomala.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Zithunzi za anthu ena. Kutenga chithunzi cha diresi pa intaneti n'kuika ngati lanu kumabweza msanga. Kasitomala adzabwera nacho chithunzi chomwecho akufuna diresi lofanana ndendende, ndipo nsalu yake, makina anu ndi thupi lake ndi zosiyana ndi za pachithunzipo.

Nkhope za makasitomala popanda chilolezo. Wina anasoketsa diresi la chinkhoswe chimene achibale ena sanauzidwe. Funsani kaye, kapena jambulani chovala chili pahang'ala.

Kutchula masukulu ndi mipingo ngati kuti munapangana nawo. Kusokera ana asanu a sukulu ina yunifolomu sikutanthauza kuti ndinu telala wa sukuluyo. Lembani kuti mumasoka yunifolomu za sukulu, ndipo dzina la sukulu mulitchule pokhapokha akuluakulu ake atavomera.

Kunyoza atelala anzanu. "Ife sitili ngati ena amene amadya nsalu za anthu" kumangokumbutsa wowerenga nkhawa yake. Masiku amene mwalemba ndi lonjezo la kukonza kwaulere zikunena kale zimenezo.

"Ine" ndi "ife" kusinthanasinthana. Zimachitika ndime ina akalemba bambo, ina mwana. Sankhani "ife", ndipo munthu mmodzi alembe zonse.

Kusiya mawu akale. Mwana wakwatiwa wasamukira ku Mzuzu, shopu yasamuka, nambala yasintha, koma mawu akadali omwe aja. Lembani pachikuto cha kope la maoda kuti muziwawerenganso kawiri pachaka, mu Januwale ntchito ya Khirisimasi ikatha, ndi mu Ogasiti yunifolomu zisanayambe kuchuluka.